Hekitala imodzi ya msipu ingadyetse ziweto zingati?

Mu Januwale dambo limakhala lobiriwira, udzu ukufika m'chiuno, ndipo mlimi amaona ngati malo ake angasunge ng'ombe khumi. Pofika Okutobala ng'ombe zomwezo zimakhala zikuoneka nthiti. Chiwerengero choyenera cha ziweto chimachokera ku miyezi yovutayi. Nawa mafunso omwe oweta amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Tiuzeni nambala basi: ng'ombe zingati pa hekitala?

Pa msipu wachilengedwe wopanda feteleza, m'madera omwe mvula imagwa bwino ngati zigwa za chigawo chapakati, hekitala imodzi nthawi zambiri siikwanitsa kudyetsa ngakhale ng'ombe imodzi yaikulu chaka chonse. Pamafunika mahekitala awiri kapena kuposerapo. Hekitala ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndiye tikunena za maekala asanu pa ng'ombe imodzi. Kumalo otentha komanso a mvula yochepa ngati Chikwawa ndi Nsanje, kunja kwa madambo a mtsinje wa Shire, malo ofunika amakulirapo.

Koma nambala yobwereka kwa mnzanu ingakusocheretseni, chifukwa nthaka, mvula ndi mtundu wa udzu zimasiyana ngakhale m'mudzi umodzi. Ndi bwino kuwerengera nokha, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale.

Ndiwerengere bwanji?

Yambani ndi mimba ya ng'ombe. Pa tsiku imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka pa makilogalamu 100 aliwonse a thupi lake. Ng'ombe yachikuda ya makilogalamu 250 ndiye kuti imafuna makilogalamu 6 ndi pang'ono pa tsiku, omwe pa chaka ndi pafupifupi 2,300. Tikuwerengera udzu wouma chifukwa wauwisi ndi madzi kwambiri: pa makilogalamu anayi a msipu wa dzinja, atatu kapena kuposa ndi madzi.

Kenako yezani udzu. Tchingani timalo tingapo kuti ziweto zisadyepo dzinja lonse. Kumapeto kwa mvula, cha mu Epulo, yezani mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi pa kamalo kalikonse, mwetani udzu wonse ndi chikwakwa, muuyanike mpaka uzithyoka, ndipo muuike pa sikelo. Musasankhe pokhapokha pamene udzu wachita bwino. Tengani pena pabwino, pena poperewera, mupeze nambala ya pakati. Magalamu omwe mwapeza muchulukitse ndi 10, ndipo yankho lake ndi makilogalamu a pa hekitala. Magalamu 300 akutanthauza makilogalamu 3,000.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Udzu wonsewo sulowa m'kamwa mwa ng'ombe. Wina umapondedwa, wina umadetsedwa ndi ndowe, wina chiswe chimadya, ndipo wina uyenera kutsala dala kuti chitsinde chidzaphukenso ndi kuphimba nthaka. Tiyerekeze kuti ng'ombe zidya magawo anayi pa khumi aliwonse. Pa makilogalamu 3,000 aja patsala 1,200, omwe ng'ombe imodzi imamaliza m'masiku pafupifupi 190.

Tsono taganizani mlimi wa mahekitala anayi otere ndi ng'ombe zisanu. Udzu wodyeka ndi makilogalamu 4,800, ng'ombe zake zimafuna 31 pa tsiku, ndiye chakudyacho chitha m'miyezi isanu. Miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo iyenera kudalira mapesi, masangwi a mtedza, madeya ndi udzu wosunga, apo ayi agulitseko ziwiri kapena zitatu zikadali zonenepa.

Nanga mbuzi?

Mbuzi ya makilogalamu 30 imadya pafupifupi kilogalamu imodzi ya chakudya chouma pa tsiku, choncho mbuzi zisanu ndi imodzi zimafanana ndi ng'ombe ija. Kusiyana kwake n'kwakuti mbuzi imakonda masamba a zitsamba ndi mitengo. Pamalo a tchire lambiri, kusakaniza mbuzi ndi ng'ombe kumapindulitsa chifukwa sizilimbirana kwambiri chakudya.

Kudyetsa mosinthasintha n'kutani, ndipo kumathandiza chiyani?

Ndi kugawa malo odyetsera m'zigawo, ziweto n'kudya chigawo chimodzi masiku ochepa pamene zinazo zikupuma. Chifukwa chake chili m'mizu. Udzu ukadyedwa umaphukanso pogwiritsa ntchito timasamba totsala ndi chakudya chomwe unasunga m'tsinde ndi m'mizu. M'dzinja mphukira imatuluka m'masiku ochepa chabe, ndipo ng'ombe, poti si yopusa, imabwerera kukadya mphukira yanthete yomweyo n'kusiya udzu wokhwima pambali. Chitsinde chikalumidwa motero kangapo mizu imafupika, kenako chimafa. Udzu wokoma ndi umene umayamba kutha, n'kutsala wolimba ndi zitsamba zomwe ziweto zimakana. Kuwononga msipu kotero kungachitike ngakhale ndi ng'ombe ziwiri zokha, zikangokhala pamalo amodzi osachoka.

Chiwerengero cha zigawo chimapezeka pogawa masiku opuma ndi masiku odya, n'kuwonjezerapo chimodzi. Ngati ziweto zidya masiku 4 ndipo udzu upuma masiku 28, mukufunika zigawo 8. Kwa mlimi wa mahekitala anayi uja, chigawo chilichonse ndi theka la hekitala. Masiku 28 ndi a pakati pa dzinja. Mvula ikamakata udzu umachedwa kukula, ndipo kupuma kuyenera kufika miyezi iwiri. Kalendala isakulamulireni kuposa maso: tulutsani ziweto udzu ukafupika kufika pa msinkhu wa chikhatho, ndipo musazibweze usanakwanenso. M'dzinja zigawo zina zimapitirira msinkhu ziweto zisanafike. Zimenezo mwetani udzu usanakhwime, muumitse ndi kusunga pamthunzi.

Mbuzi zimapindula mwa njira inanso. Mazira a nyongolotsi za m'mimba otuluka m'ndowe amasanduka timphutsi totha kulowanso m'chiweto pasanathe sabata kukakhala kotentha ndi konyowa. Kusamutsa mbuzi pa masiku atatu kapena anayi kumazichotsa timphutsito tisanakhwime, ndipo tambiri timafa malowo akapuma mwezi ndi kupitirira. Nkhupakupa n'zina: zimatha kudikira miyezi yambiri mu udzu, ndiye dibi musasiye.

Ndiye ndikagawa zigawo ndingawonjezere ng'ombe?

Osathamanga. Kugawa sikubweretsa mvula. Tiyerekeze kuti posamala bwino ng'ombe zayamba kudya theka la udzu m'malo mwa magawo anayi aja. Mlimi wathu afika pa makilogalamu 6,000, okwanira ng'ombe zisanu masiku pafupifupi 190. Wapindula mwezi ndi masiku angapo, koma chaka sichinakwanebe. Komanso udzu woima wa mu Seputembala, ngakhale uchuluke, umakhala utataya zomanga thupi zambiri, moti ng'ombe imakhuta koma n'kumaonda. Chimene chimasinthadi chiwerengero ndi kubzala. Nsenjere yothiridwa manyowa, yomwetedwa n'kupatsidwa m'khola, imatulutsa chakudya chochuluka kangapo kuposa msipu wachilengedwe, n'chifukwa chake alimi a ng'ombe za mkaka ku Thyolo ndi Chiradzulu amatha kuweta pa malo ochepa.

Waya ndi wodula, ndipo dambo ndi la mudzi wonse. Titani?

Mpanda weniweni ndi mbusa. Malire angakhale chulu, mtengo kapena khwawa, bola aliyense awadziwe. Woweta mbuzi pa chingwe akudyetsa kale mosinthasintha, angosuntha chikhomo tsiku lililonse osabwerera msanga pomwe wachoka. Pa dambo la onse, chovuta ndi mgwirizano: munthu mmodzi akalowetsa ng'ombe m'chigawo chopuma, ena onse amatsatira mawa lake. Pamafunika amfumu ndi eni ziweto apangane za chigawo chotseka, tsiku lotsegula ndi chindapusa cha wophwanya, ndipo zimenezi azikambe mvula isanayambe.