Kalata yopempha bizinesi kuti ikulipireni vidiyo yotsatsa malonda

Uthenga umene eni mashopu ndi malo odyera atopa nawo masiku ano ndi uwu: "Moni bwana, ndili ndi anthu ambiri onditsatira pa TikTok, tiyeni tigwire ntchito limodzi." Wolembayo amadikira sabata, kenako mwezi, yankho osabwera, ndipo amayamba kudandaula kuti mabizinesi a kuno kwathu salemekeza luso la achinyamata. Ine ndikuona kuti vuto kawirikawiri limakhala kalatayo. Sinanene ntchito imene igwiridwe, sinanene mtengo, ndipo sinayankhe funso limene mwini bizinesi aliyense amakhala nalo mumtima asanatulutse ndalama: kodi zimenezi zindibweretsera makasitomala angati pakhomo?

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene amajambula mavidiyo a zakudya ndi foni yake, ndipo ali ndi omutsatira 8,400. Akufuna kulembera mayi wina amene ali ndi malo odyera ku Matawale, otchuka ndi chambo chootcha. Manambala onse amene nditchule pano ndi achitsanzo chabe, koma kawerengedwe kake ndi komwe aliyense angagwiritse ntchito ndi manambala ake.

Asanalembe liwu limodzi, atsegule pamene pamalembedwa Analytics pa TikTok, kapena Insights ngati ali pa Facebook, aone mavidiyo khumi omaliza. Tinene kuti asanu ndi anayi anaonedwa pakati pa maulendo 3,000 ndi 6,000 iliyonse, onse pamodzi nkukwana 40,000, koma imodzi inafalikira mwadzidzidzi mpaka kufika 90,000. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Amaphatikiza zonse, napeza 130,000, nagawa ndi khumi, kenako nkulemba kuti vidiyo yawo iliyonse imaonedwa maulendo 13,000. Masamuwo ndi olondola, koma lonjezolo ndi labodza, chifukwa vidiyo ya mayi wa chambo mosakayikira idzagwera komwe anzake asanu ndi anayi aja anagwera. Chofunika ndi kuwandandalika mavidiyowo kuyambira wochepa mpaka wochuluka, nkutenga nambala ya amene ali pakati. Kwa mtsikana wathuyu ndi cha m'ma 4,500. Imeneyo ndiyo nambala yolemba m'kalata. Mukalonjeza 13,000 nkubweretsa 4,500, mayiyo adzaona ngati mwamubera, ndipo Zomba ndi tauni yaing'ono, nkhani imafika msanga kwa amalonda anzake. Mukalonjeza 4,500 nkubweretsa 5,200, adzakuitananinso.

Nambala yachiwiri ndi yofunika kuposa yoyamba, ngakhale ambiri saiyang'ana nkomwe: oonerawo amakhala kuti? Amalawi amene ali ku Joni kapena ku Mangalande amakonda kwambiri mavidiyo a nsima ndi chambo chifukwa chosowa kwawo, ndipo amalemba ndemanga zokoma, koma sangabwere kudzadya nkhomaliro ku Matawale Lachisanu. Masamba a ziwerengero aja amasonyeza komwe otsatira anu ali. Ngati mwa anthu khumi alionse anayi ali ku Zomba ndi madera oyandikira, ndiye kuti pa 4,500 paja, amene angathe kufikadi pamalopo ndi pafupifupi 1,800. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, koma musachite nayo manyazi. Kwa mwini malo odyera a mipando makumi atatu, anthu 1,800 a m'tauni yake, ambiri mwa iwo ophunzira ndi ogwira ntchito amene amadya kunja, ndi amtengo wapatali kuposa anthu 50,000 omwazikana dziko lonse lapansi. Apa ndi pamene wopanga mavidiyo wamng'ono amaposera wotchuka.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Pamutu pa imelo pasalembedwe "Moni" kapena "Pempho." Palembedwe nkhani yake: "Vidiyo ya chambo chanu kwa oonera a ku Zomba." Mkati mwake mungakhale motere:

"Zikomo mayi. Ine ndimajambula mavidiyo a zakudya za kuno ku Zomba pa TikTok ndi pa Facebook. Ndadyapo kwanu, ndipo ndinaona kuti anthu ambiri sadziwa kuti chambo mumaotcha kasitomala akuona, komanso kuti mumatsegula Lamulungu. Ndikupempha kuti ndijambule vidiyo ya mphindi imodzi yoonetsa chambocho kuchokera pamoto kufika patebulo, mtengo wa mbale, ndi njira yofikira kwanu kuchokera pamsewu waukulu. Mavidiyo anga amaonedwa maulendo pafupifupi 4,500 iliyonse, ndipo mwa oonera khumi alionse, anayi ndi a ku Zomba konkuno. Ndaika chithunzi cha ziwerengerozi ndi mavidiyo awiri amene ndinajambulapo kale. Mtengo wake ndi K90,000, theka ndisanajambule, theka lotsala mukaiona vidiyo isanatuluke. Mtengowu ugwira ntchito masabata awiri. Kuti mudziwe ngati yathandiza, ndidzauza oonera kuti akatchula mawu akuti 'chambo cha Lachisanu' polipira, alandira chakumwa chimodzi chaulere, ngati inu mungavomereze, ndipo mudzatha kuwawerenga. Kodi ndingabwere Lachiwiri cha m'ma 3 koloko masana, anthu a nkhomaliro atachepa, tidzakambirane kwa mphindi khumi? Ine wanu,"

Pansi pake dzina ndi nambala ya foni, basi. Kalatayi imawerengeka yonse pafoni munthu ataimirira pakauntala. Mulibe mbiri ya moyo wa wolemba, mulibe zoti amakonda kujambula kuyambira ali mwana. Chiganizo chachitatu, chonena za kuotcha chambo kasitomala akuona, ndicho chimasonyeza kuti kalatayi sinatumizidwe kwa mabizinesi makumi asanu nthawi imodzi. Ngati simungathe kulemba chiganizo chotere chokhudza bizinesi imene mukuilembera, ndiye kuti nthawi yolemba sinakwane. Pitani kaye mukaone.

Pa nkhani yotchula mtengo m'kalata yoyamba anthu amasiyana maganizo. Ena amati dikirani, mwina kasitomala anali wokonzeka kulipira zambiri. Malangizowo angagwire ntchito ku kampani yaikulu yokhala ndi ofesi yoona zotsatsa malonda. Koma kwa mayi wa ku Matawale, kalata yopanda mtengo imapereka maganizo awiri, onse oipa: kuti ntchitoyo ndi yaulere, kapena kuti ndi yodula zoti sangakwanitse. Tchulani mtengo, ndipo mukhale mutauwerengetsa mbali ziwiri. Mbali yanu, phatikizani thiransipoti, bandulo, maola ojambula ndi maola okonza vidiyo, amene nthawi zambiri amaposa ojambulawo. Mbali ya mayiyo, funsani kuti ndalamayo ibwerera bwanji. Ngati pa mbale imodzi ya chambo amapindula K3,000, ndiye kuti K90,000 ibwerera akagulitsa mbale 30 zoonjezera, kuphatikizapo zochepa zolipirira zakumwa zaulere zija. Mbale 30 pa anthu 1,800 si chinthu chosatheka, makamaka poti amene wakhutira amabweranso ndi mnzake. Koma mukanati K400,000, pakanafunika mbale zoposa 130, ndipo mayi aliyense wodziwa kusunga buku la malonda akanakana, moyenerera.

Zoika malire a masabata awiri si njira yoopsezera kasitomala. Aliyense amene ankachita malonda mu Novembala 2023, pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kuti mtengo umene mwapereka lero ungakhale wopanda phindu mwezi wamawa.

Theka loyamba lija musalisiye, ngakhale mayiyo akhale wa mpingo umodzi ndi inu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Vidiyo ikangotuluka, mulibenso chogwira m'manja, ndipo "bwerani mawa" amatha kukhala miyezi itatu. Kulandirira pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuli ndi ubwino woti uthenga wotsimikiza umatsala kwa nonse awiri ngati umboni. Bizinesi yokulirapo ingakufunseni invoisi ndi nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, choncho ndi bwino kukhala nazo musanayambe kugogoda pa makomo otere.

Mayankho ovuta amabwera, ndipo lofala kwambiri ndi lakuti, "Ndalama palibe, koma bwerani mudzadye ulere." Si nthawi zonse pamene yankholi lili lachipongwe. Ngati mulibe vidiyo yotsatsa ngakhale imodzi yoonetsa ena, kusinthana kotere kamodzi kungakupatseni chitsanzo ndi manambala olembera kalata yotsatira. Koma mbale ya nsima sigula bandulo. Ngati ndalama yachepadi, chepetsani ntchito, osati mtengo wa ntchito yomweyo: vidiyo yaifupi, pa tsamba limodzi lokha.

Palinso zinthu ziwiri zimene zimadanitsa anthu ntchito itatha, ndipo ziyenera kulembedwa mu uthenga wachiwiri, mayiyo akangovomera. Choyamba ndi kukonza. Nenani kuti akaiona vidiyo angapemphe kusintha kamodzi, makamaka pa zolakwika monga mtengo kapena nthawi yotsegulira. Mukapanda kutero mudzaikonza kasanu, chifukwa mwamuna wawo wanena izi, mlamu wawo wanena izo. Chachiwiri ndi umwini. K90,000 ija yagula kuti vidiyo ituluke pa tsamba lanu. Ngati akufuna kuitenga, kuiika pa tsamba lawo ndi kumailipirira ku Facebook kuti ioneke kwa anthu ambiri, nkhope yanu ikhala ikugulitsa chambo chawo kwa nthawi imene simunagwirizane. Zimenezo nzololeka, koma zikhale ndi malire a nthawi, monga miyezi itatu, ndi mtengo wakewake.

Oonera anu nawonso ali ndi gawo pa mgwirizanowu, ngakhale sanausaine. Auzeni poyera kuti vidiyoyi yalipiridwa, ndi pakamwa panu komanso ndi chizindikiro chimene masambawa amapereka, monga Paid partnership pa Facebook. Eni mabizinesi ena amapempha kuti mubise, kuti zioneke ngati mwangodutsa mwangozi. Kanani. Chimene mukugulitsa kwa mayiyo ndi chikhulupiriro chimene anthu 1,800 aja ali nacho pa inu, ndipo akazindikira kuti munawanamiza, kalata yanu yotsatira idzakhala yopanda katundu. Chimodzimodzinso nyimbo: kuika nyimbo ya woimba wina pa vidiyo yotsatsa malonda popanda chilolezo ndi kumulanda thukuta lake. Phokoso la chambo chikupsa pamakala limakwanira.

Imelo payokha siimaliza nkhani kuno kwathu. Amalonda ang'onoang'ono ambiri amatsegula imelo mwa apo ndi apo, koma WhatsApp ili m'manja mwawo tsiku lonse. Tumizani imeloyo kuti mgwirizano ukhale ndi polembedwa, kenako uthenga wa mizere iwiri pa WhatsApp wowadziwitsa kuti mwatumiza. Pakatha sabata osayankha, kumbutsani kamodzi mwaulemu. Akakhalabe chete, asiyeni, lemberani ena.

Ndipo ntchito ikachitika, pakatha masabata awiri bwererani ku Matawale mukafunse kuti anthu angati anatchula "chambo cha Lachisanu." Kaya ndi 12, kaya ndi 40, lembani nambalayo, mupemphe chilolezo kwa mayiyo, muiike m'kalata imene mudzalembere bizinesi yotsatira.