Werengani botolo musanapopere matimati

Amene amagula matimati pa Lizulu kapena pa Jenda anaonapo ena ali ndi fumbi lachikasu kapena lotuwa pakhungu. Nthawi zambiri amenewo amakhala mankhwala a chiwawu, monga mankozebu amene ambiri timawadziwa kuti daitheni, opoperedwa dzulodzulo. Mlimi sanafune kupweteka munthu, koma pepala lomatidwa pa paketi sanaliwerenge. Anangofunsa wogulitsa kuti, "Achimwene, ndithire zingati?" nauzidwa kuti masipuni awiri.

Vuto limayambira pa muyezo. Nambala yaikulu imene ili pafupi ndi dzina, monga 800 WP, si yosungunulira ayi. Ikunena mphamvu ya mankhwalawo, kuti mu kilogalamu imodzi muli magalamu 800 a mankhwala enieni, ndipo WP ndiye kuti ndi aufa osungunula m'madzi. Mukaona EC, amenewo ndi amadzi, aja amayera ngati mkaka akasakanizidwa. Muyezo weniweni uli m'tebulo la malangizo, ndipo muyenera kupeza mzere wa mbewu yanu. Ngati matimati palibe pa mndandandawo, mankhwalawo si a matimati.

Tiyerekeze kuti mzere wa matimati walembedwa 200 g/100 L, pamene sipuleya yanu yoberekera ndi ya malita 16. Gawani 200 ndi 100, mupeza magalamu 2 pa lita imodzi. Chulukitsani ndi 16, ndiye magalamu 32 pa sipuleya yodzaza. Ya malita 20 ifuna magalamu 40. Sipuni ndi chitsekerero cha botolo zimanamiza chifukwa sizifanana kukula. Yezani magalamu 32 kamodzi pa sikelo yaing'ono, thirani m'kachitini, lembani mzere pamene ufawo walekezera, ndipo kachitiniko kasadzalowenso m'khitchini. Mankhwala amadzi yezani ndi sirinji yopanda singano. Ufa yambani mwausungunula m'madzi pang'ono, kenako thirani m'sipuleya imene muli kale madzi theka, n'kudzadzitsa.

Ena amawonjezera dala kuti "agwire msanga". Mudzadziwa kuti mwapyola muyezo masamba akayamba kupsa m'mbali kapena kupiringizika, ndipo ndalama zimakhala zapita pachabe. Kuchepetsa nakonso kumasiya matenda ndi tizilombo zili moyo, mpaka zimazolowera mankhwalawo.

Kunsi kwa pepala kumakhala mzere wamtundu. Pa mabotolo ambiri wofiira ndiye woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira pomalizira, ngakhale wobiriwirayo ndi poizoni ndithu. M'mzeremo muli tizithunzi ta magolovesi, magambuti, ovolosi ndi chotchinga kumaso. Kawirikawiri tina timanena za nthawi yosungunula, tina za nthawi yopopera, ndipo ine ndimaumirira pa yosungunulayo. Pamenepo mankhwala amakhala asanatheke mphamvu, ndipo amalowa m'thupi kudzera pakhungu ngakhale palibe bala. Magolovesi akhale a labala, chifukwa ansalu amamwa mankhwala n'kuwasunga padzanja. Miyendo ya buluku ikhale kunja kwa gambuti kuti zodontha zisatsikire m'kati. Mukamva mutu, chizungulire kapena nseru mutapopera, vulani zovalazo, sambani ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala mutanyamula botolo, popeza pepala lija limauza adokotala chochita. Kumwa mkaka sikuchotsa poizoni.

Chimene chimakhudza ogula tonsefe ndi masiku odikira musanakolole. Pa mapepala ambiri amalembedwa ndi zilembo zoti PHI, ndipo amasiyana malinga ndi mankhwala komanso mbewu, choncho a kabichi musawatengere ku matimati. Akalemba masiku 7 ndipo mwapopera Lolemba, musathyole mpaka Lolemba linalo. Masikuwo amapatsa mpata dzuwa, mphepo ndi chomera chenicheni kuti zichepetse mankhwala kufika pamlingo wosavulaza wodya. Kutsuka sikulowa m'malo mwake, makamaka pa mankhwala amene amalowerera m'kati mwa chomera.

Matimati amavuta pamenepa chifukwa akayamba kupsa amathyoledwa kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo mavenda sadikira. Njira yake ndi kuthyola kaye onse opsa ndi oyezuka, kenako n'kupopera madzulo ake, n'kulemba tsikulo m'kope. Nyengo yokolola ikayandikira, afunseni alangizi mankhwala a masiku ochepa odikira, ndipo dzionereni nokha papepala musanalipire.

Zonsezi sizitheka ndi mankhwala opungulidwa m'mabotolo a zakumwa kapena m'timajumbo, amene alibe dzina, muyezo kapena tsiku lothera mphamvu. Ku Malawi mankhwala a mbewu amayenera kulembetsedwa ku bungwe la boma loona za mankhwalawa asanagulitsidwe. Wogulitsa akakupatsani botolo lopanda pepala, kapena lofufutika losawerengeka, musiyireni.