Muuzeni wogula zimene akaone akakamasula sopo wanu

Sopo wopanga pamanja akabwezedwa, kawirikawiri sikuti amakhala woipa. Wogula amakhala kuti wakumana ndi zimene sanauzidwe. Anangoona chithunzi pa WhatsApp, pansi pake patalembedwa kuti "sopo wabwino wachilengedwe", basi n'kutumiza ndalama. Mawu oterewa sayankha funso lililonse.

Yambani ndi kulemera. Sopo wosakaniza mafuta ndi soda wa kositiki popanda kuphika amasiyidwa masabata 4 mpaka 6 kuti akhwime, ndipo madzi akamauma amapepuka. Chidutswa chimene chinali magalamu 115 podula chikhoza kutsika kufika pa 105. Mukalemba 115, wogula amene ali ndi sikelo adzati mwamubera. Yezani sopo atakhwima, mutenge chidutswa chopepuka kuposa zonse, mulembe kuti "osachepera magalamu 100". Onjezani kutalika ndi mulifupi m'masentimita, chifukwa chithunzi chimakuza zinthu.

Pamene ambiri amakhumudwira ndi kubafa. Sopoyu amakhala ndi giliserini yense amene amapangika mafuta akakumana ndi soda, ndipo giliserini amakoka chinyezi. Ndiye chifukwa chake sopo akagona m'madzi amafewa n'kutha msanga, ndipo nthawi ya dzinja amatha kuchita timadontho ngati thukuta. Wosadziwa amati sopo waonongeka. Amateronso akaona kaufa koyera pamwamba, komwe kamabwera soda akakhudzana ndi mpweya sopo akadali wamuwisi, chonsecho kamachoka akangomutsukuluza. Ine ndimaona kuti kubisa zimenezi poopa kuthawitsa makasitomala n'kudzipweteka nokha, pakuti ndalama yotumizira katundu wobwezedwa pabasi imatuluka m'thumba mwanu.

Kufotokoza kwabwino kungakhale kotere: "Sopo wosambira, osachepera magalamu 100. Muli mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi a malambe, madzi, soda wa kositiki ndi mafuta onunkhira a ndimu. Fungo lake ndi lapatalipatali ndipo limachepa pakapita miyezi. Timadula pamanja, choncho mtundu ndi maonekedwe zimasiyanako ndi pachithunzi. Mukasamba muikeni pamalo podontha madzi kuti aume. Amawawa akalowa m'maso. Akafika wosweka, titumizireni chithunzi pasanathe masiku 3 ndipo tidzakusinthirani."

Mwaona kuti soda watchulidwa. Palibe sopo wolimba wopangidwa kuchokera ku mafuta popanda soda, ndipo muyezo ukakhala wolondola sodayo amathera m'mafuta. Tchulaninso chosakaniza chilichonse, makamaka mafuta a mtedza, chifukwa pali anthu amene thupi lawo limadana nawo.

Koma musalembe kuti sopo wanu amachiza ziphuphu, zipere kapena chikanga. Sopo ntchito yake ndi kuyeretsa khungu, ndipo amene wagula poyembekezera kuchira adzabwera kudzafuna ndalama zake. Funso lililonse limene ogula awiri akufunsani pafoni, yankho lake liikeni m'mawu ofotokozera sopoyo lero lomwe.