Kufufuta chosafunika pachithunzi: khoma la kumbuyo kwake limachokera kuti?

Wojambula zithunzi pa ukwati sakhala ndi mphamvu yolamula aliyense amene ali pabwalo la tchalitchi. Mkwati ndi mkwatibwi akatuluka, nthungululu zili mbwee, iye amangotola msangamsanga. Akafika kunyumba n'kutsegula kompyuta ndi pamene amaona kuti pachithunzi chokongola kuposa zonse, kumbuyo kwa akwatiwo kuli njinga yamoto ya kabaza yoima pafupi ndi khoma, chipewa chofiira chili lende pachiwongolero. Diso la aliyense woona chithunzicho limayamba lathamangira ku chipewacho lisanafike pa nkhope za eni tsikulo.

Masiku ano njinga yotereyi imachotsedwa m'mphindi zochepa ndi chida cha mu pulogalamu ya Photoshop chotchedwa Generative Fill. Kampani ya Adobe inachitulutsa mu Meyi 2023 kuti anthu achiyese, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho chinalowa mu Photoshop ya aliyense. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri samvetsa, ndipo ndicho gwero la zolakwika zambiri: chidachi sichivundukula zimene zinali kumbuyo kwa njingayo. Kamera sinaone njerwa zimene njinga inatchinga, choncho m'chithunzimo mulibe. Zimene mudzaone pamalopo njinga itachoka ndi zopeka.

Photoshop inali nayo kale njira yofufutira zinthu. Mu 2010 munabwera Content-Aware Fill, imene imagwira ntchito ngati telala wosoka chigamba: amadula kansalu pamalo ena a malaya omwewo n'kutseka pong'ambika. Pa udzu, mchenga kapena thambo imachita bwino. Koma chigamba chikakula, mumayamba kuona njerwa imodzi yomweyo, ndi mng'alu wake womwewo, itabwerezedwa kanayi. Generative Fill siidula kwina. Imaluka nsalu yatsopano. Mukadina batani, mbali ya chithunzi chanu imatumizidwa pa intaneti ku makompyuta a Adobe, kumene kuli nzeru zopangidwa ndi anthu zotchedwa Firefly. Nzeruzi zinaphunzitsidwa ndi zithunzi zochuluka zedi, makamaka za m'nkhokwe ya Adobe Stock ndi zina zimene malamulo amalola aliyense kugwiritsa ntchito. Zimayang'ana zimene zazungulira malo amene mwasankha, monga mtundu wa njerwa, kumene kuwala kukuchokera ndi kupendekeka kwa mizere, kenako zimajambula chinthu chimene chingakhale choyenera pamenepo. N'chifukwa chake popanda intaneti chidachi sichigwira, ndipo amene amagula bandulo azidziwa kuti kuyesa kulikonse kumadya deta. Adobe nayonso imawerengera olembetsa ake kagwiritsidwe ntchito ka zida zoterezi kudzera mu zimene imatcha generative credits.

Tiyeni titsatire chithunzi cha ukwati chija. Tinene kuti n'cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, monga zimatulukira m'makamera ambiri a ojambula. Njinga yatchinga chigawo cha khoma la njerwa zootcha, kunsi kwa windo lokhala ndi zitsulo, ndi dothi la pabwalo. Mthunzi wake wagwera kumanja, ndipo nsonga ya velo ya mkwatibwi yadutsa kutsogolo kwa tayala lakumbuyo.

Ntchito yaikulu ili pa kuzunguliza. Tengani Lasso Tool, imene imabwera mukadina L, ndipo zungulizani njinga yonse momasuka. Anthu ozolowera kudula zithunzi amakonda kutsata m'mphepete ndendende, koma pano khama limenelo limawononga. Mukasiya ngakhale kachidutswa ka galasi loonera kumbuyo kapena kamzere kofiira ka chipewa kunja kwa mzere wanu, chida chimakaona ngati mbali ya malo amene chiyenera kulemekeza, ndipo chimapeka chinthu choti kachidutswako kakhalepo. Siyani mpata wa mapikiselo 20 kapena 30 kuzungulira njinga. Ngati dzanja linathina kwambiri, pitani ku Select > Modify > Expand n'kulemba nambala imeneyo.

Mthunzi ndiwo umagwetsa anthu ambiri. Munthu amazunguliza njinga bwinobwino, amadina batani, ndipo pamalo pa njinga pamatuluka njinga ina, kapena benchi, kapena galu wogona. Amaganiza kuti pulogalamu yasokonekera, chonsecho yachita zomveka: pansi pali mthunzi wakuda, ndipo m'zithunzi zimene inaphunzirapo mthunzi sukhala wopanda mwini wake. Choncho gwirani Shift n'kuwonjezera mthunzi wonse m'malo osankhidwawo. Chimodzimodzi ngati njinga ikuonekera m'galasi la windo kapena m'chithaphwi cha madzi a mvula. Kaumbidwe ka mzere wanu nakonso kamalankhula. Mzere wotsata maonekedwe a njinga, matayala awiri ndi chiwongolero, umakopa chida kudzaza malowo ndi chinthu cha maonekedwe omwewo. Mzere wobulungira, wosafanana ndi kanthu, umapereka khoma.

Pa velo pokha ndi pamene muyenera kusamala mosiyana. Chilichonse chimene chili mkati mwa mzere chidzajambulidwa mwatsopano, choncho mukalowetsamo dzanja la mkwatibwi kapena maluwa ake, zidzabwera zosinthika, mwina ndi zala zopindika modabwitsa. Gwirani Alt n'kuchotsa thupi lake m'malo osankhidwawo, mungolola mzere kukhudza pang'ono m'mphepete mwa velo kuti pasatsale kampheto kakuda ka tayala.

Mukamaliza kuzunguliza, pansi pa chithunzi pamaoneka kabokosi kolembedwa Generative Fill. Mukadina, kamakupatsani malo olembapo mawu. Musalembepo kanthu. Dinani Generate basi. Malo amenewa ndi ofotokozera chimene mukufuna kuti chioneke, osati olamulira ntchito. Mukalemba "remove motorbike", mawu amphamvu amene chida chimagwira ndi a njingawo, ndipo nthawi zambiri chimakupatsani njinga yatsopano yonyezimira. Pokhapokha ngati chikukakamirabe kuikapo zinthu zachilendo ndi pamene mungalembe mawu ochepa otchula kumbuyo kumene mukufuna, monga "red brick wall".

Pakapita masekondi angapo mumalandira zotsatira zitatu zosiyana, zimene zimaoneka m'bokosi la Properties. Ngati palibe yokukhutiritsani, kudinanso Generate kumabweretsa zitatu zina. Chabwino n'chakuti zonsezi zimakhala pa leya yakeyake pamwamba pa chithunzi chanu, ndipo njinga ikadalipo pansi, yosakhudzidwa. Leya imeneyi imabwera ndi masiki yake, ndiye ngati chida chasintha velo mopitirira, tengani bulashi yakuda, pakani pa masikiyo, velo lenileni libwerera.

Apa ndi pamene ambiri amasunga chithunzi n'kutumiza kwa mwini wake, ndipo ine ndimaona kuti amafulumira. Pafoni chilichonse chimaoneka bwino. Kulakwika kumaonekera chithunzi chikatsukidwa chachikulu n'kupachikidwa pabalaza, pamene alendo amachiyang'ana chapafupi zaka ndi zaka. Kulitsani chithunzi mpaka 100% ndipo tsatirani mizere ya njerwa ndi diso kuchokera kumanzere, kumene kuli khoma lenileni, kudutsa popekedwa, kukafika kumanja. Kawirikawiri mzere umodzi umalowa n'kusowera pakati, kapena njerwa zimachepa msinkhu popanda chifukwa. Werengani zitsulo za pawindo: ngati pamwamba zili zisanu ndi chimodzi, pansi zisakhale zisanu ndi ziwiri. Onaninso pamene khoma lakumana ndi dothi, chifukwa chida chimakonda kuikapo kakhonde kamene tchalitchicho chilibe.

Vuto lina ndi kufewa kwa chigawo chopekedwa. Pamene chidachi chinkayamba, chinkajambula chigawo cha mapikiselo 1024 mbali zonse, kenako n'kuchitambasula kuti chikwane pamene mwasankha. Njinga yathu ndi mthunzi wake zatenga mapikiselo pafupifupi 2000 m'litali, kutanthauza kuti pikiselo imodzi yopekedwa inkatambasulidwa kuti itseke malo a ziwiri. Zotsatira zake, khoma lenileni likuonetsa timchenga ta m'njerwa, pamene lopekedwa lili see, losalala. Adobe yakhala ikukonza zimenezi m'matembenuzidwe atsopano, komabe mankhwala akale akugwirabe ntchito: chotsani chinthu chachikulu m'zigawo zing'onozing'ono. Yambani ndi mthunzi ndi dothi, kenako theka la njinga, kenako theka linalo, chigawo chilichonse chisapitirire kwambiri mapikiselo 1000. Ngati chithunzi chinatoledwa kuwala kuli kochepa ndipo chili ndi timadontho ta kamera, chigawo chatsopano chimakhala choyera mopitirira anzake. Pitani ku Filter > Noise > Add Noise, ikani 1% kapena 2% pa leya yopekedwayo mpaka mbali ziwirizo zifanane.

Pali malo ena amene ndingalangize kuti musayese n'komwe. Njinga ikanakhala kuti yatchinga amayi ovala nsalu ya mpingo yokhala ndi mawu, chida chikanapeka maluwa amene pansaluyo palibe, ndi zilembo zosawerengeka m'chinenero chilichonse. Mayi aliyense wa mumpingomo angazindikire nthawi yomweyo. Zikwangwani, manambala a galimoto ndi nkhope za anthu zili m'gulu lomweli. Khoma lopeka silipweteka munthu, koma theka la nkhope ya agogo lopekedwa ndi makina si agogowo ayi. Zikatero ndi bwino kudula chithunzi m'mbali, kapena kutenga chigawo chenicheni pa chithunzi china chimene munatola pamalo omwewo.

Amene alibe Photoshop akumana nazo zomwezi pafoni. Google inabweretsa Magic Eraser pa Pixel 6 mu 2021, Samsung inaika Generative Edit pa Galaxy S24 mu 2024, ndipo chaka chomwecho Apple inatulutsa Clean Up. Mabatani ndi osiyana, koma nkhani ya mthunzi, ya m'mphepete ndi ya zilembo ndi imodzimodzi.

Pa chithunzi cha ukwati, chamalonda kapena cha pabalaza, kuchotsa njinga kulibe mlandu, makamaka mwini chithunzi akadziwa. Pa chithunzi cha nkhani kapena cha umboni ndi zoletsedwa. Mu Januwale 2014 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linasiya kugwira ntchito ndi wojambula Narciso Contreras chifukwa anafufuta kamera ya mnzake imene inaoneka pakona ya chithunzi cha nkhondo ya ku Syria. Chinali chinthu chaching'ono chosokoneza diso, ngati njinga yathuyi, ndipo nthawi imeneyo Generative Fill kunalibe. Mpikisano wa World Press Photo nawonso sulola kuwonjezera kapena kuchotsa chinthu pachithunzi. Ngati mukujambulira nyuzipepala, lipoti la chitukuko, inshuwalansi kapena khoti, chisiyeni chithunzi monga kamera inachitolera, ndipo pa zithunzi zina zonse sungani fayilo yoyamba padera musanafufute kanthu.