Kawerengedwe ka Matani a Chimanga mu Nkhokwe Yozungulira ya Denga Losongoka

Bungwe la NFRA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti lizisunga chakudya cha dziko, lili ndi nkhokwe ku Mangochi zomwe zikhoza kusunga matani 20,000 a chimanga. Awa ndi matumba 400,000 olemera makilogalamu 50 lililonse. Chiwerengerochi chimanena za kukula kwa nkhokwezo basi, osati chimanga chomwe chili m'katimo pa tsiku lakutilakuti. Nkhaniyi ikufotokoza momwe matani a chimanga cha mu nkhokwe yozungulira amawerengedwera popanda kuchitulutsa, kuti alimi, ochita malonda ndi magulu a alimi a m'mbali mwa nyanja azitha kutsimikiza okha ziwerengero zomwe akuuzidwa. Miyeso ya nkhokwe yomwe yagwiritsidwa ntchito pano ndi yachitsanzo chabe, koma njira yake ndi imodzi pa nkhokwe yayikulu kapena yaying'ono.

Magawo awiri a nkhokwe

Chimanga cha mu nkhokwe yotere chimakhala m'magawo awiri. Gawo la m'munsi ndi looneka ngati mgolo woimika, ndipo la pamwamba ndi mulu wosongoka, wonga denga la nyumba yozungulira. Gawo lililonse limawerengedwa palokha, kenako amaphatikizidwa.

Choyamba kudziwa ndi mtunda wochokera pakatikati pa nkhokwe kufika pa khoma. Popeza munthu sangalowe mu nkhokwe yodzaza, amazunguliza chingwe kunja kwake, ndipo utali wa chingwecho amaugawa ndi 6.28. Nkhokwe yomwe yatenga chingwe cha mamita 62.8 ili ndi mamita 10 kuchokera pakati kufika pa khoma. Kukula kwa pansi pake kumapezeka pochulukitsa 3.14 ndi 10, kenako ndi 10 winanso, zomwe zikupereka masikweya mita 314.

Ngati chimanga chafika mamita 15 m'mbali mwa khoma, gawo la m'munsi lili ndi makiyubiki mita 4,710, kutanthauza 314 kuchulukitsa ndi 15. Kiyubiki mita ndi malo a bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, ndipo mumalowa malita 1,000.

Mulu wa pamwamba

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Mulu wosongoka umatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a malo omwe mgolo wofanana nawo msinkhu ndi kutambalala ungatenge. Choncho kukula kwa pansi kumachulukitsidwa ndi msinkhu wa muluwo, ndipo zotsatirazo zimagawidwa ndi 3.

Msinkhu wofunika ndi wa mulu wa chimanga, osati wa denga. Chimanga chouma chikamathiridwa kuchokera pamwamba chimatsetsereka n'kuima pa madigiri pafupifupi 23, pomwe madenga ambiri a nkhokwe zachitsulo amapendekeka pa madigiri pafupifupi 30. Mu nkhokwe ya chitsanzoyi denga limakwera mamita 5.8 pamwamba pa khoma, koma mulu wa chimanga umathera pa mamita 4.2. Mpata wotsalawo uyenera kukhalapo kuti mpweya wotentha ndi chinyontho zizituluka.

Choncho muluwo uli ndi makiyubiki mita 440, ndipo chimanga chonse ndi makiyubiki mita 5,150. Yemwe wawerengera denga lonse ngati lodzaza amawonjezera matani 120 omwe kulibe, ofanana ndi matumba 2,400. Yemwe waiwala kugawa ndi 3 amawonjezera matani oposa 630.

Kusandutsa malo kukhala matani

Kiyubiki mita imodzi ya chimanga chotonola, chouma ndi chopeta bwino imalemera pafupifupi makilogalamu 720, omwe ndi matani 0.72. Masamu onse a nkhokweyi ali motere:

```
3.14 × 10 × 10 = 314
314 × 15 = 4,710
314 × 4.2 ÷ 3 ≈ 440
(4,710 + 440) × 0.72 = 3,708
```

Nkhokweyi ili ndi matani pafupifupi 3,708, omwe ndi matumba 74,160. Nambala ya 0.72 si ya mbewu zonse ayi. Mpunga wosapuntha ndi wopepuka kuposa chimanga, choncho nkhokwe yomweyi itadzazidwa mpunga matani ake akhoza kuchepa kwambiri. Ngakhale chimanga chimene chimasiyana kulemera, ndipo njira yochiyesera ndi yosavuta. Chidebe cha malita 20 chimadzazidwa mosatsendera, pamwamba pake n'kusalaza ndi thabwa. Chimanga chabwino chimalemera pafupifupi makilogalamu 14.4 atachotsera kulemera kwa chidebecho. Chikalemera makilogalamu 13, ndiye kuti kiyubiki mita imodzi ikungolemera matani 0.65, ndipo nkhokwe ija ili ndi matani 3,348 okha, ngakhale ikuoneka yodzaza. Kupepuka kotere kumachitika chimanga chikakhala champhwephwa, chazinyalala kapena chofumbwa. M'madera otentha monga Mangochi, Monkey Bay ndi Makanjira anankafumbwe amaswana msanga, choncho chimanga cha mu chidebe chiyenera kutengedwa m'malo angapo a nkhokwe, osati pamwamba pokha.

Nkhokwe ikayamba kutapidwa

Chimanga chikamatulukira pa chibowo cha pansi pakatikati, mulu uja umatha ndipo pakati pamakhala dzenje losongokera pansi. Poyamba chimanga cha m'mbali mwa khoma chimakhala chisanatsike kwenikweni, kotero woyeza khoma lokha akhoza kupezabe mamita pafupifupi 15. Apa dzenjelo liyenera kuchotseredwa, osati kuphatikizidwa. Ngati ndi lakuya mamita 4.2, chimanga chotsala ndi makiyubiki mita 4,270, omwe ndi matani 3,074. Kusiyana kwa matani 634 kwachitika pomwe muyeso wa pa khoma sunasinthe. N'chifukwa chake woyeza amatsitsa chingwe chomangirira chitsulo pamalo awiri, pafupi ndi khoma komanso pakati. Chingwe chiyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa mu nkhokwe iyi kulakwitsa ndi masentimita 10 okha kumasintha chiwerengero ndi matani pafupifupi 23.

Muyeso wonsewu umachitika munthu ali panja, pa kakhomo ka pa denga. Chimanga chomwe chikutsika chimameza munthu m'kanthawi kochepa, ndipo nkhokwe yothiridwa mankhwala ophera tizilombo imakhala ndi mpweya wakupha.

Pomwe masamuwa amalekezera

Zinthu ziwiri zimachititsa kuti matani owerengedwa asiyane ndi a m'mabuku popanda wina kuba. Choyamba, chimanga cha pansi chimatsenderezeka ndi kulemera kwa cha pamwamba, motero nkhokwe yayitali imakhala ndi matani ochulukirapo pang'ono kuposa omwe masamuwa apereka. Chachiwiri ndi kuuma. Matani 1,000 omwe alowa ali ndi chinyontho cha 16 pa 100 aliwonse, akauma kufika pa 13, amatsala pafupifupi 966, chifukwa matani 34 anali madzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ogula chimanga chosunga amayezera chinyontho asanachilandire.

Chifukwa cha zimenezi, masamu a nkhokwe sangakhale maziko a malipiro. Pogula ndi pogulitsa, chiwerengero chodalirika ndi cha pa sikelo ya magalimoto, yomwe imayeza galimoto ili ndi katundu komanso itatsitsa. Masamu a nkhokwe ndi otsimikizira mabukuwo. Kusiyana kukakhala kochepa, kutsenderezeka ndi kuuma zikhoza kukufotokoza. Kukafika gawo limodzi mwa magawo khumi, miyeso ibwerezedwe, chimanga chiyesedwenso mu chidebe, ndipo malisiti a pa sikelo afananizidwe ndi mabuku a nkhokwe.