Chifukwa chake fayilo yofufutidwa pa SSD siibwerera wamba

Tiyerekeze kuti wojambula zithunzi wafufuta mwangozi foda ya zithunzi za ukwati, ndipo wakhuthulanso Recycle Bin. Zikanakhala pa kompyuta yakale, katswiri akanamuuza kuti mtima ukhale m'malo. Koma lero funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi laputopu yanuyi ili ndi hadi disiki kapena SSD?" Akayankha kuti SSD, nkhope ya katswiri imagwa.

Mu hadi disiki muli mbale zopaka maginito zimene zimazungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi. Mukafufuta fayilo, kompyuta sipita kukapukuta pambalepo. Imangolemba m'kaundula wake kuti malo aja tsopano alibe mwini. Zithunzi zenizenizo zimakhalabe pomwepo mpaka tsiku limene fayilo ina idzalembedwe pamwamba pake, monga tinkachitira ndi kaseti, pamene nyimbo yakale inkatha pokhapokha tikajambulirapo ina. Hadi disiki ilibe chifukwa chothamangira kupukuta, popeza kulemba pamwamba pa zakale sikuivuta. Ndiye pulogalamu monga PhotoRec imayenda pa disiki yonse, n'kumazindikira chiyambi cha chithunzi chilichonse, n'kuchitola, ngakhale patapita miyezi ngati malowo sanalembedwepo.

SSD ilibe mbale kapena chilichonse choyenda. Imasunga zinthu m'timatchipi, ndipo timatchipiti tili ndi khalidwe limodzi limene ndi gwero la nkhani yonseyi: pamene palembedwa kale simungalembeponso musanapukute. Kulemba kumachitika pa timagawo ting'onoting'ono, nthawi zambiri ta makilobaiti 4 mpaka 16, koma kupukuta kumatheka pa chigawo chachikulu chokha, chokhala ndi timagawo totere mazanamazana. Kupukutako kumatenganso nthawi. SSD ikati idikire mpaka mutafuna kusunga fayilo yatsopano ndiye iyambe kupukuta, ikhoza kumachedwa kwambiri. Choncho imachita ngati mlimi wochenjera amene amasosa munda mvula isanagwe, kuti ikangobwera iye angobzala.

Nanga imadziwa bwanji poyenera kusosa? Kompyuta ndiyo imaiuza kudzera mu lamulo lotchedwa TRIM, limene Windows inayamba kugwiritsa ntchito mu Windows 7, m'chaka cha 2009. Wojambula uja atangokhuthula Recycle Bin, uthenga unapita ku SSD wakuti timagawo takutitakuti sitikufunikanso. Kuchokera pamenepo, ma SSD ambiri akafunsidwa za malo amenewo amangoyankha ndi maziro, ngakhale zithunzizo zisanapukutidwe m'tchipi. Kenako, pa nthawi imene SSD yasankha yokha, imapukuta zigawozo kotheratu.

Apa m'pamene anthu ambiri amanyengeka, ndipo zimandimvetsa chisoni. Wojambula wathu aika pulogalamu yobwezera mafayilo, ndipo mayina onse a zithunzi aoneka, kukula kwake kuli kolondola. Asangalala. Koma akatsegula chithunzi, chikukana. Dzina latsala m'kaundula, koma m'kati mwa fayilo muli maziro okhaokha, ndipo kugula pulogalamu ina yodula sikungasinthe kanthu, chifukwa nayonso imafunsa SSD yomweyo n'kulandira yankho lomwelo.

Malangizo akale aja akuti "musasungenso kanthu pa disikiyo" pano sakwanira. SSD imapitiriza kusosa malinga ngati ikulandira magetsi, ngakhale inu musakugwira kompyuta. Ngati zinthuzo n'zofunikadi, zimitsani makinawo nthawi yomweyo ndipo musayatsenso. Akatswiri ena a zida zapadera amatha kulowa m'tchipi molambalala njira ya masiku onse, koma ntchitoyi ndi yodula, imatheka pa mitundu ina yokha ya SSD, ndipo chigawo chikapukutidwa palibe amene angachibwezeretse.

Kuti mudziwe ngati TRIM ikugwira ntchito pa Windows yanu, tsegulani Command Prompt n'kulemba izi:

```
fsutil behavior query DisableDeleteNotify
```

Ikayankha 0, ndiye kuti TRIM ndi yoyatsa. Sindingalimbikitse munthu kuizimitsa, chifukwa popanda iyo SSD imayamba kuchedwa ikamadzaza.

Komabe wojambula uja asataye mtima msanga. Ayambe waona memori khadi ya mu kamera. Mafulashi wamba ndi makhadi ambiri salandira TRIM fayilo ikafufutidwa, kotero zithunzi zimene zinali pakhadipo kawirikawiri zimapezekanso, bola ngati sanajambulirepo ukwati wina. Aichotse mu kamera, akankhe kaloko kam'mbali koletsa kulemba ngati kalipo, ndipo zithunzi zimene pulogalamu itole azisunge pa disiki ina, osati pa khadi lomwelo.