Habu ya njinga papepala: chojambula chomwaza zigawo ndi mndandanda wake

Habu ya tayala lakutsogolo kwa njinga ikakhala yomanga, diso limangoona chigoba ndi manati awiri. Koma m'kati ndi m'mbali mwake muli zidutswa zoposa 30, ndipo chilichonse chili ndi malo ake komanso mbali yoyang'ana. Mukafuna kuuza mnzanu kuti aimange inu palibe, chojambula cha habu yomanga kale sichingamuthandize kwenikweni, chifukwa zigawo zimabisana. Apa m'pamene amisiri amagwiritsa ntchito chojambula chomwaza zigawo: zonse zimatalikitsidwa pang'ono, koma chilichonse chimakhala pa mzere umene chimadzera polowa m'malo mwake. Pambali pake amaika mndandanda wa zigawo wokhala ndi manambala, umene pa kompyuta mudzauona utalembedwa `BOM`.

Yambani ndi kumasula, osati kujambula

Yalani nsalu patebulo kuti timipira tisagubuduke. Masulani mbali imodzi, ndipo chilichonse chimene chatuluka chiikeni pamzere monga mmene chatulukira. Pa habu wamba ya manati, choyamba kutuluka ndi nati yaikulu yomangira tayala ku foloko, kenako washa wake. Zikatero pamabwera nati yopyapyala yotsekera, washa wina wamng'ono, ndi koni. Kuseri kwa koni kuli timipira tachitsulo tokhala mu girizi. Mbali inayo ndi chimodzimodzi, ndipo ekiselo imadutsa pakati pa zonsezo.

Mzere wapansaluwu ndiwo chojambula chanu kale. Chatsala n'kuusamutsira papepala.

Mzere wapakati ndi mipata

Zojambula zotere nthawi zambiri zimakhala za aisometiriki, kutanthauza kuti mizere yogona imapendekeka madigiri 30 ndipo yoimirira imakhalabe chilili. Choyamba lembani mzere wapakati wopendekeka madigiri 30. Ukhale woonda, wa kamzere kotalika ndi kakafupi mosinthana. Pakati pa bowo la chigawo chilichonse pazikhala pa mzere umenewu. Washa akatsika pang'ono chabe, wowerenga aganiza kuti amalowa pena.

Musanajambule chigawo ngakhale chimodzi, werengerani ngati zonse zikwane. Tiyerekeze kuti mwayeza n'kupeza kuti chigoba ndi mamilimita 70 m'litali, ndipo zigawo zisanu ndi chimodzi za mbali imodzi, mukaziphatikiza, zikukwana mamilimita 34. Mukasiya mpata wa mamilimita 10 chisanafike chigawo chilichonse, mipatayo idya mamilimita 60. Ndiye kuti mbali imodzi ndi 94, mbali ziwiri ndi 188, ndipo kuphatikiza chigoba ndi 258.

Poti mzerewo ndi wopendekeka, sutenga malo onsewo m'mbali. Kumbukirani za mavekitala:

258 × cos 30° ≈ 223
258 × sin 30° = 129

Choncho mufunika mamilimita 223 m'mbali ndi 129 m'mwamba. Pa pepala la A3, lomwe ndi mamilimita 420 ndi 297, zikwana bwinobwino pa sikelo ya 1:1, malo a mndandanda n'kutsalanso.

Nanga ekiselo? Ikakhala ya mamilimita 140 n'kuiika kumapeto kwa mzere womwewo, kutalika kupyola 400 ndipo pepala lithina. Njira yake n'kuijambula pa mzere wina wapakati, woyenda mofanana ndi woyambawo koma m'mwamba mwake, kenako n'kulumikiza mizere iwiriyo ndi mzere woonda wokhota kawiri. Wowerenga akautsata ndi chala, umufikitsa pa bowo limene ekiseloyo imalowa.

Samalani ndi koni. Mbali yake yowonda, yosalala, iyang'ane ku timipira. Ndiye kuti koni wakumanja ndi wakumanzere amayang'anizana. Amene amangokopera mbali imodzi osaitembenuza amapezeka ajambula koni mmodzi chododometsa.

Manambala m'timabwalo

Chigawo chilichonse chimapatsidwa nambala yolembedwa m'kabwalo, ndipo kabwaloko kamalumikizidwa ku chigawocho ndi mzere woonda wolozera. Mzerewu ukathera m'kati mwa chigawo, umatha ndi kadontho. Ukathera m'mphepete, umatha ndi kamuvi. Timabwalo tonse tikhale tofanana, pafupifupi mamilimita 10 m'mimba mwake, ndipo tindandalike bwino kunja kwa chojambulacho. Mizere yolozera isadutsane, ndipo isapendekeke madigiri 30 ngati mizere ya chojambula, kuopa kuti ingaoneke ngati mbali ya habu.

Lamulo lalikulu ndi ili: nambala ndi ya mtundu wa chigawo, osati ya chidutswa. Makoni awiri ofanana ndendende amatenga nambala imodzi. Timipira tonse timatenga nambala imodzi. Koma nati yotsekera ndi nati yomangira ku foloko, ngakhale zonse zili manati a pa ekiselo imodzi, zimasiyana kunenepa ndi ntchito, choncho iliyonse ili ndi nambala yake.

Mndandanda weniweniwo

| Nambala | Dzina la chigawo | Zingati | Chopangira |
|---|---|---|---|
| 1 | Chigoba cha habu | 1 | chitsulo |
| 2 | Ekiselo | 1 | chitsulo |
| 3 | Kampira, inchi 3/16 | 20 | chitsulo cholimbitsidwa |
| 4 | Koni | 2 | chitsulo cholimbitsidwa |
| 5 | Washa wamng'ono | 2 | chitsulo |
| 6 | Nati yotsekera | 2 | chitsulo |
| 7 | Washa wa ku foloko | 2 | chitsulo |
| 8 | Nati yomangira ku foloko | 2 | chitsulo |

Taonani mzere wachitatu. Mahabu ambiri akutsogolo amakhala ndi timipira 10 mbali iliyonse, ta inchi 3/16, pamene akumbuyo ambiri amakhala ndi timipira 9 mbali iliyonse, ta inchi 1/4. Mukangolemba kuti "kampira" osatchula saizi, wopita kukagula akhoza kubwera ndi takumbuyo, ndipo sitikhala bwino m'malo mwake. Komabe werengani ndi kuyeza ta habu imene ili m'manja mwanu, chifukwa si onse ali chimodzimodzi.

Mndandandawu ukaikidwa pamwamba penipeni pa bokosi la mutu wa chojambula, kumunsi chakumanja, umawerengedwa chokwera: mitu pansi, nambala 1 pamwamba pake, 2 pamwamba pa 1. Amatero kuti chigawo china chikaonjezeka, malo akhalepo popanda kufufuta kanthu.

Mudziwa bwanji kuti palibe cholakwika?

Choyamba, manambala osiyana a m'timabwalo akhale ochuluka mofanana ndi mizere ya mndandanda. Pano ndi 8 uku ndi 8 uku. Chachiwiri, phatikizani danga la "Zingati": 1 + 1 + 20 + 2 + 2 + 2 + 2 + 2 = 32. Kenako werengani zidutswa zimene zili pansalu. Mukapeza 22 pa mndandanda koma 32 patebulo, mwalemba timipira ta mbali imodzi yokha.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chogwira mbava: perekani pepala ndi zigawo kwa mnzanu amene sanaone mukumasula, inu mutseke pakamwa. Ngati pa chojambula mwaiwala 6, koni sakhala ndi chomugwira pamalo pake. Pa msewu amayamba kumasuka kapena kudzimanga yekha. Akamasuka, tayala limagwedera mukaligwedeza m'mbali. Akadzimanga, limalimba kuzungulira ndipo timipira timakumba koniyo. Zikachitika izi mnzanuyo atatsata pepala ndendende, vuto si la manja ake ayi. Bwererani ku mzere wapakati, muone nambala imene yakhala pamalo a inzake.